Kalata yotseguka kwa akuluakulu oyendetsa makhoti: tipatseni kope ya chigamulo nyumba ya ana isanagulitsidwe

Olemekezeka akuluakulu nonse oyang'anira makhoti m'dziko muno, ndi inu amene mumayang'anira marejisitile kumene mafayilo a milandu amasungidwa,

Ndayamba ndi kukupatsani moni mwaulemu, ndikhulupilira muli bwino pamodzi ndi onse ogwira ntchito pansi panu. Ine ndine munthu wamba, ndimagulitsa zipangizo za njinga pa msika wina kwathu kuno, sindinaphunzire za malamulo koma miyezi inayi yapitayi yandiphunzitsa zambiri zomwe sindinkafuna nkomwe kuzidziwa. Sinditchula dzina la khoti kapena la kalaliki aliyense chifukwa sindikufuna munthu achotsedwe ntchito kamba ka ine, chomwe ndikufuna ndi choti inu amene muli ndi mphamvu zosintha kayendetsedwe ka zinthu mumve zomwe zimachitika pa windo paja munthu akabwera kudzapempha kope yotsimikizika ya chigamulo.

Nkhani yake ili chonchi. Achemwali anga banja lawo linatha mu 2019 ku khoti la majisitireti la pa boma pathu, linali banja la chinkhoswe ndipo ine ndinali nkhoswe ya kuchikazi, ndiye tsiku la chigamulo ndinalipo, ndinakhala pa benchi yachiwiri ndikumva ndi makutu angawa. A majisitireti anathetsa banja, ana atatu anati akhale ndi mayi awo, ndipo nyumba yomwe awiriwa anamanga limodzi pa puloti ina pa tauni yathu anagamula kuti ikhale ya achemwali ndi anawo, bambowo atenge chigayo ndi njinga yamoto. Palibe anachita apilo. Alamu anga anasamuka mwamtendere, anakakwatira kwina, ndipo pa zaka zonsezi sanabwerepo kudzalimbana za nyumba. Cholakwa chathu, ndipo ndikuchivomera, nchoti titatuluka m'khoti tsiku lija tinangopita kunyumba osapempha pepala lililonse, komanso dzina pa mapepala a puloti sitinasinthe, linatsala la bambowo. Tinkaona ngati mawu a khoti akayankhulidwa basi zatha.

Chaka chatha alamu aja anatisiya. Abale awo anapita ku khoti lalikulu kukapempha makalata oyendetsera chuma cha masiye, ndipo pa mndandanda wa katundu wa malemu analembaponso nyumba ija, chifukwa pa mapepala dzina ndi lake. Sindikunena kuti onse ndi oipa mtima, ena mwa iwo mwina sakudziwadi zomwe zinagamulidwa. Koma nyumba ikalowa mu chuma cha masiye ndiye kuti igawidwa pakati pa mkazi wachiwiri, ana a uko ndi a kuno, ndipo nyumba sugawa ndi mpeni, mapeto ake ndi kugulitsa.

Loya amene akutithandiza anatifotokozera bwino lomwe. Anati jaji wa ku khoti lalikulu sanalipo mu 2019, sangangomva zoti achimwene ake a mayiwa analipo ndipo anamva. Chofunika ndi chigamulo chenichenicho pa pepala, ndipo osati fotokope wamba ayi, koma kope yochokera ku rejisitile ya khoti lomwe linaweruza, yodindidwa chidindo cha khotilo, yosainidwa ndi ofisala amene wayerekeza kopeyo ndi chigamulo chomwe chili mu fayilo nkulemba kuti nzofanana, tsiku lake likuonekanso. Kope imeneyo amaimata kumbuyo kwa chikalata cholumbira cha achemwali ngati umboni, kuti jaji aone kuti nkhani ya mwini nyumba inaweruzidwa kale pakati pa anthu awiriwa ndipo panthawi yomwe bambowo amamwalira nyumba sinalinso yawo. Ine ndinafunsa kuti bwanji tingopita kwa loya wina aliyense atidindire, monga timachitira ndi ma satifiketi a sukulu, ndiye anandiyankha kuti wodinda amayenera aone pepala lenileni kaye, ndipo pepala lenileni la chigamulo limakhala mu fayilo ya khoti, silituluka. Ndiye njira ndi imodzi yokha, windo la rejisitile.

Dandaulo langa loyamba ndi loti palibe paliponse pomwe palembedwa chomwe munthu ayenera kubweretsa. Ulendo woyamba ndinapita ndi dzina la achemwali ndi la malemu basi, akalaliki anandifunsa nambala ya mlandu, ine osaidziwa. Anati popanda nambala sangayambe nkomwe kufufuza chifukwa mafayilo amaikidwa motsatira nambala ndi chaka, osati maina. Zimenezo nzomveka ndithu, koma kaundula wamkulu uja, buku lomwe mlandu uliwonse umalembedwa tsiku lomwe watsegulidwa, ali ndi maina a mbali zonse ziwiri, ndipo munthu akanena chaka nkotheka kuyenda ndi chala mpaka kuipeza nambala. Tsiku limenelo palibe anandiuza zimenezi, ndinazidziwa mochedwa. Ndinabwerera kunyumba, achemwali anakhuthula sutikesi yonse pa mphasa, ndipo mkati mwa jumbo momwe amasungamo mabuku a kusikelo a ana tinapezamo samani ya 2019 itapindidwa kanayi, m'mphepete mutadyedwa ndi chinyezi koma nambala ikuoneka pamwamba. Achemwali anaigwira ndi manja awiri ngati mwana wakhanda. Nanga amayi ena amene samani yawo inapita ndi madzi a mvula, kapena anayatsira mbaula osadziwa kuti idzafunika, amatani?

Ulendo wachiwiri, nambala ili m'manja, anandiuza kuti ndilembe kalata yopempha. Chabwino, koma yopita kwa ndani, yolembamo chani? Bambo wina amene anali pa mzere, ooneka kuti amayendayenda m'makhoti, ndi amene anandithandiza pa khonde pomwepo. Anati lembani nambala ya mlandu ndi chaka, maina a mbali zonse monga momwe analembedwera pa samani osati maina a kunyumba, tsiku kapena mwezi wa chigamulo, dzina la a majisitireti ngati mukulikumbuka, inuyo ndinu ndani pa mlanduwo, ndi chomwe mukufunira kopeyo. Anawonjezera chinthu china chomwe chinandithandiza kwambiri, anati munene poyera ngati mukufuna chigamulo chonse chokhala ndi zifukwa zake, kapena lamulo lalifupi lija longonena kuti khoti lalamula zakutizakuti, kapena rekodi yonse ya zomwe mboni zinanena, chifukwa ndi zinthu zitatu zosiyana ndipo rekodi yonse imatenga nthawi yaitali kutaipa. Ife timafuna chigamulo chonse. Komanso poti ine sindinali mbali ya mlandu, kalatayo inayenera kusainidwa ndi achemwali eni ake ndi kubweretsa chiphaso chawo cha unzika, ndiye unali ulendo wina wachitatu. Zonsezi zikanakwana pa pepala limodzi lomatidwa pa chitseko mu Chichewa, ndipo maulendo awiri akanapulumuka.

Dandaulo lachiwiri, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe pagona vuto lenileni. Fayilo inapezeka patatha masabata atatu, a mesenjala anaitulutsa mu chipinda china chakumbuyo, ndinasuzumiramo chitseko chitatseguka, mafayilo omanga ndi zingwe m'mitolo kuchokera pansi pa simenti mpaka kufika m'chiuno, ena atafufuma ndi chinyezi, pa khoma pali njira za chiswe. Yathu inali ndi mwayi, inali yonse. Koma atatsegula tinapeza kuti chigamulo chija chilipo cholembedwa pamanja ndi bolopeni, masamba asanu ndi limodzi, sichinataipidwepo chiyambire 2019. Anandifotokozera kuti a majisitireti amalemba okha pamanja zonse zomwe zikunenedwa m'khoti ndipo amawerenga chigamulo kuchokera pa zolemba zawozo, kutaipa nthawi zambiri kumachitika pokhapokha wina akachita apilo kapena akapempha. Ndiye kuti kope yotsimikizika ituluke pamafunika kuti wotaipa awerenge zolemba za pamanjazo, ataipe, wina ayerekeze mzere ndi mzere, kenako isainidwe ndi kudindidwa. Wotaipa pa khoti lonselo ndi mmodzi, magetsi akazima ntchito yaima, inki ya makina osindikizira ikatha ntchito yaima, ndipo patsogolo pathu panali marekodi a apilo a anthu omwe ali m'ndende. Ine sindingalimbane ndi munthu amene ali m'ndende kuti ndiyambe ndine, ameneyo ayambedi. Chomwe ndikufunsa nchoti chifukwa chani chigamulo chogawa nyumba chikhale zaka zonsezi chisanataipidwe, kudikira tsiku lomwe nyumbayo ili pa moto?

Kenako panabwera nkhani ya saini. A majisitireti amene anaweruza anasamutsidwa kalekale kupita boma lina. Kalaliki wina anati fayilo itumizidwe komweko akaone okha ngati zotaipazo zili zolondola, wina anati ayi, amene alipo panowa akhoza kutsimikiza chifukwa sakuweruzanso mlandu, akungochitira umboni kuti kope ikufanana ndi zomwe zili mu fayilo. Anthu awiri a ofesi imodzi, mayankho awiri, ndipo pamene amadikirana kuti adziwe chochita fayilo inangokhala pa tebulo mwezi wathunthu. Sindikuwaimba mlandu, ndikuona kuti nawonso alibe pepala lowauza chochita zikatere.

Dandaulo lachitatu ndi la kope yomwe inatuluka. Tsiku lomwe anandiimbira kuti yatheka ndinatseka shopu nthawi yomweyo, ndinalipira kwa kashiya, risiti ya boma anandipatsa, ndinatenga envulopu osatsegula nkomwe mpaka kwa loya mu tauni. Loya atangoyala masamba pa tebulo anaona zinthu ziwiri. Choyamba chidindo chinali pa tsamba lomaliza lokha, pamene mawu opereka nyumba kwa achemwali ali pa tsamba la pakati, ndipo anati a mbali inayo akhoza kunena kuti tsamba limenelo talisintha tokha, chifukwa palibe chomangirira tsambalo ku chidindo chija kupatula waya wa sitepula. Chachiwiri nchomwe chinandifoola mawondo, nambala ya puloti inali yolakwika. Pomwe a majisitireti analemba 7 pamanja, wotaipa anaona ngati 1. Ndiye pepala lodindidwa bwinobwino ndi khoti limanena za puloti ya munthu wina yemwe sitikumudziwa nkomwe, ndipo tikanalipereka choncho abale a malemu akanangoti onani, nyumba yomwe inaperekedwa si iyi. Kadontho ka inki kokhako kakanatha kulanda ana nyumba.

Kwa anzanga omwe mukuwerenga kalatayi ndipo mwina mawa mudzaima pa windo lomwelo, musachoke musanawerenge. Onani nambala ya mlandu ndi chaka, kalembedwe ka maina ngati kakufanana ndi ka pa chiphaso, tsiku la chigamulo, nambala ya puloti kapena ya galimoto kapena kuchuluka kwa ndalama, werengani masamba ngati ali onse ndipo ndondomeko yake siinadumphe, kenako muone ngati pali chidindo, saini, tsiku, komanso dzina kapena udindo wa amene wasainayo. Ngati Chingerezi chikukuvutani, poti zigamulo zimalembedwa mu Chingerezi ngakhale mlandu wonse unayankhulidwa mu Chichewa, tengani mwana wa sukulu akuwerengereni manambala pomwepo. Ndipo mukapeza cholakwika musakonze ndi bolopeni yanu, mukatero pepala lonse lafa, libwezeni akonze eni ake.

Ndinalibweza. Lero papita masabata asanu, ndipo ulendo wapitawu, wachisanu ndi chiwiri, anandiuza kuti fayilo sikuoneka pomwe inaikidwa, mwina inabwerera ku chipinda chija, mwina ili mu ofesi ya abwana omwe apita ku semina, mubwere sabata ya mawa. Palibe buku lomwe analemba kuti fayilo yachoka pa tebulo ili yapita kwa uje tsiku lakuti. Kalata yanga yopempha ija nayonso ili mkati mwa fayilo yomweyo, ndipo poti sanandidindire kope yanga tsiku lomwe ndinaipereka, ndilibe umboni uliwonse woti ndinapemphapo, kupatula risiti imodzi ija. Loya akufuna kukauza jaji kuti kuchedwaku si kwa ife, koma akawonetsa chani?

Pali chinanso chomwe ndiyenera kunena ngakhale nchowawa. Pa khonde paja pamakhala anthu osavala yunifolomu, osagwira ntchito pa khoti, amene amakuyandikira nkunena chapansipansi kuti akulu, mukangopereka ya fanta fayilo yanu ipezeka lero lomwe. Ine sindinapereke, ndipo palibe wogwira ntchito pa khotilo anandipemphapo kanthu, izi ndikunena poyera. Koma ndikumvetsa mayi amene wagulitsa nkhuku kuti apeze thiransipoti kachisanu akapereka. Anthu amenewa amadya chifukwa mtengo weniweni sunalembedwe pa khoma ndipo tsiku lotengera pepala silidziwika, munthu sadziwa ngati kudikira kwake kuli kwa masiku atatu kapena kwa miyezi itatu.

Olemekezeka, malamulo aakulu a dziko lino a 1994, mu gawo 41, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wofika ku khoti kuti nkhani yake ithe komanso kuti athandizidwe mokwanira. Gawo 24 limati banja likatha mayi ali ndi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu yemwe anali naye pamodzi ndi mwamuna wake. Khoti la majisitireti linachita mbali yake mu 2019, linagawa mwachilungamo, ine ndine mboni. Koma chigamulo chimenecho panopa sichingathe kuyenda ulendo wa maola awiri pa minibasi kukafika pamaso pa jaji. Gawo 37 limakamba za ufulu wopeza uthenga womwe boma likusunga, ndipo lamulo lake linayamba kugwira ntchito mu 2020, limapatsa maofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti ayankhe munthu. Ngati maofesi ena anaikiridwa malire a masiku, bwanji munthu wopempha chigamulo cha mlandu wake womwe alibe tsiku? Ndikudziwa kuti zigamulo zambiri za makhoti akuluakulu zimapezeka pa intaneti, pa webusaiti ya MalawiLII, ndipo nzothandiza kwa maloya, koma cha achemwali anga sichiliko, ndipo ngakhale chikanakhalako, chosindikiza pa intaneti chilibe chidindo cha rejisitile.

Ndiye zopempha zanga, m'malo mwa achemwali ndi ena onse omwe ndakhala nawo pa benchi ija, ndi izi.

1. Pa chitseko cha rejisitile iliyonse pamatidwe pepala mu Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zilankhulo zina za deralo, lonena zomwe munthu abweretse popempha kope yotsimikizika, amene ali ndi ufulu wopempha, mtengo wake ndi komwe alipire. Pakhalenso fomu ya tsamba limodzi yongodzaza, m'malo moti aliyense azipeka kalata yake pa khonde.

2. Munthu akapereka pempho apatsidwe kapepala kodindidwa kosonyeza tsiku lomwe wapereka ndi tsiku lodzatenga. Ngati tsikulo lakwana zisanatheke, apatsidwe chifukwa cholembedwa, ngakhale mizere iwiri, choti angathe kukaonetsa ku khoti lina lomwe likudikira pepalalo. Ichi chokha chikanatipulumutsa ife, chifukwa jaji akanaona kuti sitikuzengereza dala.

3. Zigamulo zothetsa banja, zogawa katundu ndi za chisamaliro cha ana zizitaipidwa ndi kusainidwa a majisitireti amene aweruza akadali pompo, ndipo mbali zonse ziwiri ziziuzidwa m'khoti momwemo kuti zibwere kudzatenga kope yawo. Milandu imeneyi ndi yomwe imadzukanso patapita zaka, pa maliro, pogulitsa puloti, pa ukwati wachiwiri.

4. Mutulutse chilangizo chomveka kwa akalaliki onse chonena amene angatsimikize kope pamene woweruza anasamutsidwa, anapuma ntchito kapena anamwalira, komanso chochita fayilo ikasowa, kuti asamangoti tikufufuzabe mpaka kalekale.

5. Chidindo ndi saini zizikhala pa tsamba lililonse, ndipo wotsimikiza aziyerekezadi ndi zolemba zoyambirira, makamaka manambala. Cholakwika chikachokera ku ofesi, kukonza kwake kusayambirenso kumbuyo kwa mzere ndipo munthu asalipirenso.

6. Mafayilo achoke pansi pa simenti. Mashelefu, buku lolembamo fayilo ikamachoka m'chipinda, ndi sikana ngakhale imodzi pa khoti lililonse la pa boma kuti chigamulo chikangosainidwa chijambulidwe. Ndikudziwa ndalama ndi zovuta, koma akalaliki omwe ndawaona akugwira ntchito ndi fumbi m'mphuno angakuthokozeni koposa ine.

Mlandu wa ku khoti lalikulu jaji anauimitsa kamodzi kale kuti tipeze pepalali, ndipo loya watichenjeza kuti tisayembekezere kuti auimitsanso kachiwiri popanda chifukwa chooneka. Tsiku lake latsala masabata atatu. Mwana wamkulu wa achemwali ali Folomu 4, akulemba mayeso chaka chino, ndipo dzana anandifunsa kuti malume, anthu anabwera kudzayeza mpanda aja abweranso liti, ine ndinangomuuza kuti aziwerenga. Lolemba ndidzakhalanso pa windo paja 8 koloko m'mawa ndi samani ija, risiti, chiphaso cha achemwali ndi fotokope ya kope yolakwika ija pomwe ndazunguliza nambala ya puloti ndi pensulo. Ndikupempha amene kalatayi imufike ndipo ali ndi mphamvu, aimbe foni ku makhoti a m'maboma afunse mapempho a makope omwe akudikira, lathu alipeza pamenepo.

Ndine wanu mwaulemu,

Malume wa ana atatu, nkhoswe ya kuchikazi pa mlandu wa 2019